Ukavulala pa ntchito, kodi mpaka bwana apezeke wolakwa?

"Wadzivulaza yekha ameneyo. Ndani anamuuza kuti apise dzanja makina akuyenda?"

Mawu otere amamveka kawirikawiri munthu akavulala pa ntchito, kaya ndi pa chigayo, pochekera matabwa, pophwanya miyala kapena pomanga nyumba. Nthawi zina amene amawalankhula ndi kapitawo, nthawi zina ndi mwini ntchito. Chomvetsa chisoni n'chakuti wovulalayo nayenso amawakhulupirira. Akatuluka m'chipatala amalandira kandalama ka thiransipoti ndi ka mankhwala, amathokoza ndi manja awiri, n'kubwerera kumudzi ndi dzanja lopuwala. Mumtima mwake amaona kuti alibe pogwira, poti sangathe kuloza chimene abwana analakwa.

Komatu lamulo la Malawi silifunsa funso limenelo. Lamulo la chipukuta misozi cha anthu apantchito, limene Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa mu 2000 kulowa m'malo mwa la 1990, limati munthu akavulala chifukwa cha ntchito yake, ali pa ntchitoyo, womulemba ntchito ayenera kulipira. Silinena kuti bwana akhale atalakwa. Makina angakhale atsopano, malangizo angakhale ataperekedwa, magolovesi ndi zipewa zingakhale zilipo, koma ngozi ikachitika chipukuta misozi chiyenera kutuluka. Ngakhale wantchitoyo atakhala kuti anaphonya pang'ono, anasinza, anaterereka kapena anafulumira udyo, zimenezo pazokha sizimuchotsera ufulu wake.

Chimene chimasokoneza anthu n'chakuti pali njira ziwiri zopezera ndalama munthu akavulala pa ntchito, ndipo ambiri amazisakaniza. Ina ndi imeneyi, yodzera ku ofesi ya leba, yosafuna wolakwa. Ina ndi yokasuma ku khoti, ndipo kumeneko n'kumene wantchito ayenera kubweretsa umboni wakuti bwana sanasamale. Bwana amene amati "kaonetse pamene ndalakwa" akulankhula za njira yachiwiriyo, mwadala kapena mosadziwa, pofuna kutseka yoyamba.

Dongosolo losafunsa wolakwali linabadwa chifukwa njira ya kukhoti inalephera anthu kwa zaka zambiri. Ku Mangalande, kumene malamulo ambiri a dziko lino anachokera, kunali mlandu wotchuka mu 1837. Wantchito wa munthu wina wogulitsa nyama, dzina lake Priestley, anakwera ngolo ya bwana wake Fowler imene inali italongedwa katundu wopitirira muyezo. Ngoloyo inathyoka pa njira, mnyamatayo n'kuthyoka ntchafu. Pamapeto pake khoti linati bwanayo alibe mlandu. Kuchokera pamenepo makhoti anazolowera mfundo zitatu zimene zinkapulumutsa olemba ntchito. Ngati amene walakwitsa ndi wantchito mnzako, bwana sakukhudzidwa. Ngati unkadziwa kuti ntchitoyo ndi yoopsa n'kuivomera, unadzisankhira wekha. Ngati iwenso unalakwitsako, ngakhale pang'ono, sulandira kalikonse. M'migodi ndi m'mafakitale a nthawi imeneyo, pafupifupi ngozi iliyonse inkagwera mu imodzi mwa mfundo zitatuzi, ndipo akazi amasiye ankabwerera chimanjamanja.

Dziko la Jeremani, pansi pa Otto von Bismarck, linasintha zinthu mu 1884 poyambitsa inshuwalansi ya ngozi za pa ntchito yolipiridwa ndi olemba ntchito. Mangalande inatsatira ndi lamulo lake mu 1897. Maganizo ake anali osavuta. Ngozi ndi gawo la mtengo wa bizinesi, chimodzimodzi makina akawonongeka, choncho amene akupindula ndi ntchitoyo ndiye asenze. Koma panali kusinthana. Wantchito anachotseredwa mtolo wofunafuna umboni wa kulakwa, ndipo naye anavomera kulandira ndalama zowerengedwa ndi masamu a lamulo, zimene kawirikawiri zimachepa poyerekeza ndi zimene khoti likanagamula.

Masamu akewo tiwaone pa chitsanzo. Tiyerekeze kuti pali bambo wina wogwira ntchito pa chigayo cha dizilo, amene amalandira K150,000 pa mwezi. Tsiku lina lamba wa chigayo wayamba kuterereka, ndipo iye, posafuna kuzimitsa injini pamene amayi ali pa mzere ndi matumba awo a chimanga, akuyesa kumukankha lambayo ndi dzanja. Lamba wakoka mkono wa malaya, dzanja lalowa. Kuchipatala amudula zala zina.

Lamulo limati munthu amene walumala kotheratu, moti sangagwirenso ntchito iliyonse, alandire malipiro ake a pa mwezi kuchulukitsa ka 54. Kwa bamboyu ndiye kuti K8,100,000. Kulumala kotheratuko ndi monga kuduka manja onse awiri, kuchita khungu maso onse kapena kufa ziwalo thupi lonse. Iye sanafike pamenepo, choncho dokotala ayenera kuyeza kuti kulumala kwake ndi maperesenti angati, motsogozedwa ndi mndandanda umene uli kumapeto kwa lamulolo, umene umatchula chiwalo ndi chiwalo. Tinene kuti dokotala walemba 30 peresenti. Chipukuta misozi chake chikhala 30 peresenti ya K8,100,000, yomwe ndi K2,430,000. Kuwonjezera apo, bwana ali ndi udindo pa zolipira za kuchipatala, ndiponso pa malipiro a nthawi imene bamboyo akuchira asanathe kubwerera pa ntchito. Akanamwalira pa ngoziyo, amene ankadalira iye pa moyo wawo wonse akanalandira malipiro a miyezi 42, yomwe ndi K6,300,000.

M'kuwerenga konseku palibe pamene pafunsidwa kuti lambayo anali ndi chotchingira kapena ayi. Palibenso pamene achotsera bamboyo ndalama chifukwa anagwira lamba injini ikulira.

Malire alipo, ndipo ndi bwino kuwadziwa. Kuvulala kumene sikunamulepheretse munthu kupeza malipiro ake onse kwa masiku 7 sikulowa m'gulu la chipukuta misozi. Munthu wodzivulaza mwadala salandira. Amene wavulala chifukwa cha khalidwe loipa kwambiri komanso lochita kufuna angakanizidwe, ndipo chitsanzo chimene chimatchulidwa kawirikawiri ndi cha woyendetsa makina ataledzera. Koma apa pali mfundo ziwiri zimene mabwana ena sakonda kuzitchula. Kuphonya, kuiwala kapena kufulumira si khalidwe loipa lochita kufuna. Bambo wa pa chigayo uja ankafuna kuti ntchito ya abwana isaime, sankachita mwano. Ndipo ngakhale khalidwe loipalo litatsimikizika, lamulo limasiya mpata wakuti chipukuta misozi chiperekedwebe ngati munthuyo wamwalira kapena walumala kwambiri mpaka kalekale, chifukwa amene angavutike ndi ana ndi mkazi, amene sanalakwe kanthu.

Tsono ngati sakufunika kuonetsa kulakwa kwa bwana, wantchito ayenera kuonetsa chiyani? Apa ndi pamene nkhani zambiri zimafera, ndipo zimafa mwakachetechete.

Choyamba ndi chakuti analidi wantchito wa munthu ameneyo. Zikumveka zachidziwikire, koma m'dziko limene ambiri amalembedwa ntchito pakamwa n'kumalandira malipiro pamanja, bwana angathe kungonena kuti "ameneyu anali waganyu" kapena "sindikumudziwa bwino". Lamulo limasiyadi kunja magulu ena, monga asilikali, achibale a bwana okhala m'nyumba mwake, ndi munthu amene wangopatsidwa ganyu wa apo ndi apo wosakhudzana ndi bizinesi ya womulembayo. Koma mawu akuti ganyu paokha sathetsa nkhani. Munthu amene wakhala akugaya chimanga pa chigayo cha bwana m'mawa uliwonse akugwira ntchito ya bizinesi ya bwanayo, kaya pali kalata kaya palibe. Chimene chimamupulumutsa ndi zinthu zing'onozing'ono: buku losainira pofika, uthenga wa pa foni wosonyeza kuti ndalama zinkachokera kwa yani mwezi ndi mwezi, yunifomu, anzake apantchito, makasitomala amene amamudziwa.

Uthenga wa pa foni womwewo ndi umene ungatsimikize malipiro. Popeza masamu onse amayambira pa malipiro a pa mwezi, bwana akatchula K90,000 m'malo mwa K150,000, bambo uja wataya ndalama zokwana K972,000 asanatsegule n'komwe pakamwa.

Chinanso ndi chakuti kuvulalako kunachitikira pa ntchito ndiponso chifukwa cha ntchito. Pa ngozi ya chigayo izi sizivuta, poti magazi anaoneka ndipo mboni zinalipo. Komabe zimene zalembedwa m'kabuku ka kuchipatala tsiku loyamba zimalemera kwambiri. Pali anthu amene, pomvera uphungu wa kapitawo kapena poopa kuchotsedwa ntchito, amauza adokotala kuti anavulalira kunyumba. Mzere umodzi umenewo umadzawatsata mpaka ku ofesi ya leba.

Kenaka pali nthawi. Wantchito ayenera kudziwitsa bwana mwamsanga, ndipo bwana ayenera kukanena za ngoziyo kwa akuluakulu a za chipukuta misozi pasanathe masiku 21. Pempho la chipukuta misozi liyenera kuperekedwa pasanathe miyezi 12. Miyezi 12 imaoneka yambiri, koma imatha msanga munthu akamauzidwa kuti "bwerani mwezi wamawa, tikukonza". Wantchito sayenera kudikira bwana. Angathe kupita yekha ku ofesi ya leba ya pa boma, kapena kutuma wachibale, kukanena zimene zachitika. Kumeneko amatsegula failo, amaitanitsa lipoti la dokotala ndi umboni wa malipiro, ndipo chiwerengero chimatuluka kudzera kwa Komishonala woona za chipukuta misozi mu Unduna wa Zantchito. Pa njira imeneyi loya si wofunikira. Ndi bwinonso kusathamangira kuyezetsa maperesenti bala lisanapole, chifukwa dzanja limene likuoneka ngati lichira lingadzaume pambuyo pake, ndipo chiwerengero chimene chinalembedwa msanga chimakhala chochepa.

Chofooka chachikulu cha dongosolo la kuno chili pa amene amatulutsa ndalamazo. Lamulo la 2000 linakonza zoti pakhale thumba limodzi limene olemba ntchito onse azisonkhamo, kuti wovulala azilandira kuchokera mmenemo. Kwa zaka zoposa 20 thumbalo silinayambe kugwira ntchito, choncho udindo unatsala pa bwana aliyense payekha. Makampani akuluakulu amagula inshuwalansi ndipo amalipira kudzera mmenemo. Koma mwini chigayo chimodzi, akauzidwa kuti apereke K2,430,000 nthawi imodzi, angayambe kuzemba, kuchonderera kuti azipereka pang'onopang'ono, kapena kutseka chigayocho. Ku Zambia kuli bungwe la boma loyendetsa thumba lotere, limene likulu lake lili ku Ndola, ndipo wovulala sadalira kuti bwana wake ali ndi ndalama mwezi umenewo. Ufulu wosafuna umboni wa kulakwa umachepa mphamvu ngati wolipira alibe kanthu m'thumba, ndipo ichi n'chifukwa chake nkhani ya thumbali iyenera kukhala pakamwa pa mabungwe a apantchito kufikira itatheka.

Njira ya kukhoti

Bwanji ngati bwanayo analakwadi? Tibwerere ku chigayo chija. Tinene kuti chotchingira lamba chinachotsedwa miyezi ingapo yapitayo, bamboyo anadandaula kangapo, ndipo mwini chigayo anayankha kuti kukonza kukudula. Apa lamulo la Malawi limalola wantchito kukasuma ku khoti, kufuna chipepeso chokwanira chifukwa cha kusasamala kwa bwana kapena kwa munthu amene bwanayo amamuyankhira. Sikuti alandira kawiri pa bala limodzi, chifukwa zimene walandira kale zimawerengedwa pogamula. Koma khoti limaona zinthu zimene masamu a 54 aja saziona: ululu umene munthu wamva, kupunduka kwa maonekedwe ake, zosangalatsa za moyo zimene sangazichitenso, ndi ndalama zimene akanapeza m'zaka zonse zimene zatsala. Mnyamata wa zaka 25 ndi bambo wa zaka 58 akaduka zala zofanana pa malipiro ofanana, ku leba alandira zofanana. Ku khoti sizingafanane.

Mtengo wake ndi umboni. Wantchito ayenera kuonetsa kuti bwana anali ndi udindo womuteteza, kuti sanaukwaniritse, ndipo kuti kusakwaniritsako n'kumene kunabweretsa kuvulala. Udindowo makhoti anaufotokoza kalekale: kupereka anzake ogwira nawo ntchito odziwa chimene akuchita, zipangizo zoyenera, ndi kagwiridwe ka ntchito kotetezeka koyang'aniridwa bwino. Lamulo la 1997 loona za chitetezo, thanzi ndi umoyo wabwino pa malo antchito limawonjezera maudindo olembedwa, kuphatikizapo kutchinga mbali zoopsa za makina, ndipo kuphwanya lamulo limeneli kumakhala umboni wamphamvu.

Mlandu wina wa ku Mangalande, umene unagamulidwa kumapeto kwa 1950, umaonetsa mmene makhoti amayezera kusamala. Bambo wina dzina lake Paris ankagwira ntchito m'galaja ya khonsolo ya Stepney ku London, ndipo diso lake limodzi linali lakufa kale, zimene olemba ntchito ankadziwa. Akumenya bawuti yadzimbiri ndi hamala, kachitsulo kanathethekera m'diso labwinolo, n'kukhala wakhungu. Khonsolo inati pa ntchito yotereyi sikanali kachitidwe kupereka magalasi otetezera maso. Khoti lalikulu kwambiri la dzikolo linati kwa munthu wa diso limodzi ngoziyo inali yaikulu kuposa kwa ena, choncho anayenera kupatsidwa magalasi. Bwana amayezedwa ndi zimene ankadziwa za munthu weniweniyo ndi ntchito yeniyeniyo.

Ku khoti kulakwitsa kwa wantchito kumabweranso pa tebulo. Masiku ano sikumutayitsa mlandu wonse ngati kale, koma woweruza angachotse gawo. Akapeza kuti kugwira lamba injini ikuyenda kunathandizira ngoziyo ndi 25 peresenti, chipepeso chimatsika ndi gawo lomwelo. Mlandu wa kuvulala uyeneranso kuyambika pasanathe zaka zitatu, umafuna loya, ndipo ungatenge zaka usanathe. Amene alibe ndalama za loya angafunse thandizo ku bungwe la boma lopereka maloya kwa anthu osauka. Chenjezo limodzi lofunika ndi la mapepala: munthu asasaine kalata yonena kuti nkhani yonse yatha asanaonetse kalatayo kwa a leba kapena kwa loya.

Pamene palibe magazi

Ngozi ili ndi tsiku lake ndi mboni zake. Matenda alibe. Bambo wa pa chigayo uja, akanapanda kuvulala dzanja, mwina patapita zaka akanayamba kufunsa anthu kuti abwereze zimene anena, chifukwa phokoso lopitirira madesibelo 85 kwa maola asanu ndi atatu tsiku ndi tsiku limapha makutu pang'onopang'ono. Ndani angaloze tsiku limene anagonthera? Wophwanya miyala, wokumba malasha, wopopera mankhwala m'munda wa fodya kapena wa nzimbe, onsewa angadwale ali kale kumudzi, ntchito atasiya.

Pa matenda, lamulo la Malawi limagwiritsa ntchito mndandanda wina, wolumikiza nthenda ndi mtundu wa ntchito imene imadziwika kuti imayambitsa nthendayo. Munthu akapezeka ndi nthenda ya pa mndandandawo, ndipo anagwira ntchito yogwirizana nayo m'nthawi imene lamulo linaika, nthendayo imatengedwa kuti yachokera ku ntchito pokhapokha bwana atabweretsa umboni wotsutsa. Apanso kulakwa kwa bwana sikufunsidwa. Vuto limakhala lakuti dokotala aizindikire nthendayo ndi dzina lake lenileni, ndipo adzaizindikira ngati wafunsa, kapena wauzidwa, ntchito imene wodwalayo ankagwira.

Palibe chitsanzo chimene chimafika pamtima pa mabanja a kuno kuposa cha migodi ya golide ya ku Joni. Kudzera ku Wenela, imene pambuyo pake inatchedwa Theba, amuna ochuluka a ku Malawi anapita kukagwira ntchito pansi pa nthaka, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 analipo oposa 100,000. Dr Kamuzu Banda anaimitsa ulendowu mu 1974 ndege itagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi 74 amene ankabwerera kwawo. Kulemba anthu kunayambiranso mu 1977, mpaka kunatha cha mu 1988. Ambiri anabwera ndi njinga, wailesi, majasi ndi malata. Ena anabweranso ndi fumbi m'mapapo.

Mwala umene mumapezeka golide uli ndi silika wambiri. Ukaboolewa kapena kuphulitsidwa umatulutsa fumbi losalala kwambiri, losaoneka ndi maso, limene limakafika m'kati mwenimweni mwa mapapo n'kupanga zipsera. Nthenda yake ndi silikosisi. Ingatenge zaka 10, 20 kapena kuposa isanaonekere, imapitirira kukula ngakhale munthu atachoka ku mgodi, ilibe mankhwala ochiritsa, ndipo imatsegulira njira chifuwa chachikulu. Mkulu wa kumudzi amene amapuma befu pokwera kamtunda, amene walandira mankhwala a chifuwa chachikulu kawiri kapena katatu osasintha kwenikweni, angakhale ndi silikosisi imene palibe anaiyang'ana pa ekisire.

Malamulo a ku South Africa anatenga kusinthana kuja mpaka kumapeto. Lamulo lawo lalikulu la chipukuta misozi, la 1993, limapereka ndalama popanda kufunsa wolakwa, koma limaletseratu wantchito kusumira bwana wake. Kumeneko ndiye kusiyana kwake ndi kuno, ndipo Amalawi ogwira ntchito kumeneko lero ayenera kukudziwa. Matenda a m'mapapo a anthu a m'migodi ali pansi pa lamulo lina la 1973, limene limalipira ndalama zochepa. Kwa zaka zambiri makampani a migodi ankanena kuti chiletso chosumira bwana chimakhudzanso anthu a m'migodiwa.

Amene anathyola mpanda umenewu ndi Thembekile Mankayi, amene anagwira ntchito pansi pa mgodi kuyambira 1979 mpaka 1995. Atadwala m'mapapo analandira R16,320 pansi pa lamulo la 1973. Anasumira kampani ya AngloGold Ashanti, kufuna pafupifupi R2.6 miliyoni. Makhoti awiri anamukanira, ponena kuti alibe ufulu wosuma. Mu Malichi 2011 khoti loona za malamulo aakulu a dzikolo linagamula kuti munthu amene salandira phindu la lamulo la 1993 sangamangidwe ndi chiletso chake, choncho ali ndi ufulu wosuma. Mankayi sanamve chigamulocho. Anamwalira patatsala masiku ochepa kuti chiperekedwe.

Manambala awiri aja, R16,320 ndi R2.6 miliyoni, akufotokoza bwino chifukwa chimene njira ya kukhoti iyenera kukhala yotsegula. Komabe khotilo silinanene kuti kampaniyo inalakwa. Linangotsegula chitseko, ndipo umboni wa kulakwa unali ukufunikabe. Munthu mmodzi wodwala, amene anagwira m'migodi itatu kapena inayi zaka makumi zapitazo, angaonetse bwanji kuti fumbi la mgodi uti, m'chaka chiti, linapitirira muyezo chifukwa cha kusasamala kwa yani? Maloya anasonkhanitsa anthuwa kukhala gulu limodzi, ndipo mu 2016 khoti lalikulu la ku Johannesburg linalola kuti mlanduwo uyende ngati wa gulu. Mu 2018 makampani asanu ndi limodzi, African Rainbow Minerals, Anglo American South Africa, AngloGold Ashanti, Gold Fields, Harmony ndi Sibanye-Stillwater, anagwirizana ndi maloya a odwalawo pa ndalama pafupifupi R5 biliyoni, popanda kuvomera mlandu. Khoti linavomereza mgwirizanowo mu 2019, ndipo bungwe la Tshiamiso Trust linakhazikitsidwa kuti lizigawa ndalamazo.

Chochititsa chidwi n'chakuti nkhondo imene inayambira pa kufuna kuonetsa kulakwa inathera pa dongosolo linanso losafunsa wolakwa. Bungweli silifunsa wodwala kuti aonetse kusasamala kwa kampani. Limafunsa ngati munthuyo anagwira ntchito ya m'fumbi pa umodzi mwa migodi imene ili mu mgwirizanowo pakati pa 12 Malichi 1965 ndi 10 Disembala 2019, ndiponso ngati kuyeza kwa madokotala kukuonetsa silikosisi kapena chifuwa chachikulu chokhudzana ndi ntchitoyo chimene chinawononga mapapo. Mu mgwirizano wa 2018, pa silikosisi ndalama zinkayambira pa R70,000 n'kumakwera malinga ndi kukula kwa nthendayo, mpaka R500,000 kwa odwalitsitsa. Malawi ndi limodzi mwa maiko amene anthu ake akukhudzidwa, ndipo mabanja a amene anamwalira nawonso angapemphe.

Apa tiyenera kunena mosabisa, chifukwa nkhani ya "ndalama za ku Theba" yayenda m'midzi kwa zaka zambiri ndipo yasakanikirana ndi ya penshoni ndi ndalama zina zosungidwa. Kupita ku Joni pakokha sikupereka ufulu wolandira kuchokera ku bungweli. Amene anagwira m'migodi ya malasha kapena ya kampani imene siili mu mgwirizanowo sali m'gulumo, ndipo amene mapapo ake ali bwino salandira. Kupempha n'kwaulere, choncho aliyense amene akuyenda m'mudzi kutolera ndalama za "kalembera" ayenera kukayikiridwa.

Chimene chimavuta mabanja ambiri ndi chomwe chinavuta bambo wa pa chigayo: pepala. Kampani ndi bungwe zimafufuza munthu ndi nambala yake ya ku mgodi, pasipoti kapena chiphaso cha Wenela, ndi dzina limene analembetsa, limene nthawi zina silifanana ndi la pa chitupa cha unzika cha lero chifukwa kalaliki wa nthawi imeneyo analilemba mmene analimvera. Kwa amene anamwalira pamafunika kalata ya imfa ndi zolemba za kuchipatala zoonetsa chimene ankadwala, komanso umboni wa ubale wa wopemphayo. Ambiri mwa akuluakuluwa anamwalirira kumudzi popanda ekisire, ndipo mapepala awo anadyedwa ndi chiswe kapena anatayidwa pogawa katundu wa maliro. Banja limene lidakali ndi mkulu wotere wamoyo lingachite zinthu ziwiri mwezi uno: kufufuza m'masutikesi akale kachikalata kalikonse ka ku mgodi n'kukajambulitsa, ndi kupita naye ku chipatala cha pa boma kukayezetsa mapapo, akamuuze dokotala dzina la mgodi, zaka zimene anagwirako, ndiponso ngati ankagwira pansi kapena pamtunda, kuti zilembedwe m'kabuku kake. Bungwe la Tshiamiso linapatsidwa zaka 12 zokha zogwira ntchito, kuyambira mu Disembala 2019.